Galamala ya Makina: Chifukwa Chake Kompyuta Imatsutsa Ziganizo Zolondola

Pulogalamu yoona galamala ndi chida cha pakompyuta kapena pafoni chimene chimawerenga zomwe munthu akulemba n'kujambula mzere pansi pa mawu amene chikuwakayikira. Imasiyana ndi pulogalamu yoona kalembedwe ka mawu, yomwe ntchito yake n'kungofufuza ngati liwu lililonse lili mumndandanda wa mawu odziwika. Yoona galamala imayang'ana momwe mawu ayalidwira m'chiganizo: ngati mneni akugwirizana ndi mwininkhani, ngati pali liwu losowa, ngati mpatuliro waikidwa pamalo pake. Ntchito yachiwiriyi ndi yovuta kwambiri kuposa yoyamba, ndipo makina amalakwitsa m'njira ziwiri. Amadumpha zolakwika zenizeni, komanso amatsutsa ziganizo zomwe zilibe vuto. Kulakwitsa kwachiwiriku, komwe kungatchedwe chenjezo labodza, ndiko kumasokoneza olemba ambiri, chifukwa munthu akaona mzere amayamba kudzikayikira yekha asanakayikire makina.

Zida zimenezi si zachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Bell Labs ku America anali ndi mapulogalamu otchedwa Writer's Workbench, ndipo m'nyengo yomweyo kunatuluka Grammatik ya makompyuta a m'nyumba. Microsoft inaika chida choona galamala mu Word mu 1992, ndipo mu Word 97 munabwera kamzere kobiriwira kokhotakhota komwe kankaoneka munthu ali mkati molemba. Masiku ano mzerewo ndi wabuluu. LanguageTool inayamba mu 2003 ngati ntchito ya kuyunivesite ya Daniel Naber ku Germany, ndipo Grammarly inakhazikitsidwa mu 2009 ndi anthu atatu a ku Ukraine. Zambiri mwa zida zimenezi zinamangidwa poyamba kaamba ka Chingerezi, n'chifukwa chake zitsanzo zoonetsa bwino mavuto ake ndi za Chingerezi.

Pulogalamu ya mtundu wakale imadutsa m'magawo angapo isanajambule mzere. Imayamba ndi kudula nkhani m'ziganizo, kawirikawiri potsata mpumiro ndi chilembo chachikulu. Kenako imadula chiganizo m'mawu, n'kupatsa liwu lililonse chizindikiro cha mtundu wake: dzina, mneni, mfotokozi, mlowam'malo, mperekezi. Ikamaliza imayerekeza ndondomeko ya zizindikirozo ndi malamulo omwe anthu anaulembera, ndipo lamulo likakwanira pamalo ena, mzere umatuluka. Gawo lililonse limadalira lomwe lapita. Mpumiro wa mu chidule cha udindo wa munthu ukatengedwa ngati mapeto a chiganizo, pulogalamu imaona zidutswa ziwiri zosakwanira pomwe wolemba analemba chiganizo chimodzi chathunthu, ndipo imadandaula kuti mneni akusowa.

Gawo lopatsa mawu zizindikiro ndilo limabala mavuto ambiri, chifukwa m'Chingerezi liwu limodzi lingakhale dzina pano, mneni apo, popanda kusintha maonekedwe. Chitsanzo chotchuka pakati pa akatswiri a zilankhulo ndi chiganizo chakuti *The old man the boat*. Aliyense wochiwerenga koyamba amatenga mawu atatu oyambirira ngati "nkhalamba yaimuna", kenako amasowa mneni. Koma chiganizocho ndi cholondola. Liwu lachiwiri ndi dzina lotanthauza okalamba onse, lachitatu ndi mneni wotanthauza kugwira ntchito m'chombo, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti okalamba ndiwo akuyendetsa bwato. Munthu amakhumudwa kamphindi, n'kubwerera kukawerenganso. Pulogalamu imene imasankha chizindikiro chofala kwambiri sibwerera. Imaona mayina awiri oyandikana opanda mneni, ndipo imatsutsa. Chiganizo chimenechi anachipanga dala kuti chisokoneze, komabe zomwezo zimachitika mwakachetechete m'mitu ya nkhani za m'nyuzipepala ndi m'makalata a zamalamulo, momwe mawu amafupikitsidwa kapena kuyalidwa mosazolowereka.

Njira yabwino yomvetsa chiyambi cha chenjezo labodza ndiyo kutsatira lamulo limodzi kuyambira pomwe lalembedwa. M'Chingerezi, mlowam'malo wa munthu mmodzi wokambidwa amafuna mneni wothera ndi *s* m'nthawi yatsopano. Ophunzira ambiri amaiwala zimenezi n'kulemba *he go* m'malo mwa *he goes*. Mu LanguageTool malamulo ambiri amalembedwa mu XML, ndipo lamulo losavuta logwira cholakwikachi lingaoneke motere:

```xml
<pattern>
  <token regexp="yes">he|she|it</token>
  <token postag="VBP"/>
</pattern>
```

Tanthauzo lake ndi lakuti pulogalamu ifufuze mmodzi mwa alowam'malo atatuwo wotsatiridwa ndi mneni wa nthawi yatsopano amene alibe *s*. Pa chiganizo cha wophunzira uja, lamuloli likugwira ntchito bwino lomwe. Vuto likuyamba pa funso lakuti *Does he go there?* Mawu awiri aja ayandikana chimodzimodzi, koma chiganizo ndi cholondola, chifukwa *s* wapita kale pa mneni wothandizira woyamba. Ngati gawo la zizindikiro silinasiyanitse mneniyu ndi woyamba uja, mzere utuluka. Wolemba malamulo ndiye amaonjezera chopatula: lamulo lisagwire ngati patsogolo pali mneni wothandizira. Mu LanguageTool chopatula chotere chimalembedwa ndi `<antipattern>` kapena `<exception>`.

Tsiku lina wina alemba *Let it go*, ndipo mzere utulukanso. Aonjezeranso chopatula cha aneni olola, ochititsa ndi oona. Kenako pabwera chiganizo cha m'kalata ya ofesi: *The board demands that she go*. Ichinso ndi cholondola, chifukwa pambuyo pa aneni olamula kapena opempha, Chingerezi chimalola mneni wopanda *s*. Kalembedwe kameneka kamapezeka kwambiri m'zikalata za boma ndi za makhoti kuposa m'macheza, ndiye kamaiwalika msanga. Chopatula chachitatu chikafika, pabwera *Neither you nor she go*, komwe ngakhale aphunzitsi a Chingerezi amasiyana maganizo. Lamulo lomwe linayamba ndi mizere iwiri tsopano lili ndi mizere makumi, ndipo chopatula chilichonse chatsegula khomo lina. Chopatula choteteza ziganizo zokhala ndi *that* chikalembedwa motakasuka, chimalolanso *I know that she go*, chomwe ndi cholakwika chenicheni. Palibe malo oimikapo lamuloli pomwe lingagwire zolakwika zonse popanda kukhudza zolondola, chifukwa chomwe chimasiyanitsa ziganizozi sichili m'mawu awiri oyandikanawo. Chili m'kamangidwe ka chiganizo chonse.

Mtunda wa pakati pa mawu ogwirizana umaonjezera vuto lomweli. Mu *The price of the tomatoes has risen*, mwininkhani ndi mtengo wogulira, osati tomato, ndiye mneni wa chinthu chimodzi ndi woyenera. Lamulo longoyang'ana dzina loyandikana ndi mneni litsutsa chiganizo cholondolachi n'kuvomera cholakwika chokhala ndi *have*. Mapulogalamu amakono amakhoza chitsanzo chachifupi chotere. Koma pakati pa mwininkhani ndi mneni pakalowa ziganizo zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu, monga zimakhalira m'malipoti ndi m'mapangano, mwayi wosochera umakula. Chodabwitsa chake n'chakuti wolemba waluso, amene amatha kusenza chiganizo chachitali osachigwetsa, ndiye amakumana ndi mizere yabodza yochuluka kuposa wolemba ziganizo zazifupi zofanana.

Palinso malamulo ooneka osalephera, monga lotsutsa liwu lolembedwa kawiri motsatizana. Nthawi zambiri kubwereza kotere ndi kuterereka kwa chala. Komabe *She had had enough* ndi cholondola, ndipo *He said that that road is closed* ndi cholondolanso. Apa zopatula ndi zochepa ndipo n'zotheka kuzilemba zonse, n'chifukwa chake lamuloli ndi limodzi mwa odalirika.

Zida zatsopano zasiya kudalira malamulo olembedwa ndi manja okha. Zimaphunzitsidwa ndi nkhani zochuluka kwambiri, komanso ndi ziganizo ziwiriziwiri, cholakwika ndi chokonzedwa chake, mpaka zitazolowera kuti pambuyo pa mawu akutiakuti pamabwera mawu otani. Njira imeneyi inachotsa mizere yambiri yopanda nzeru ya m'mbuyomu, ndipo imagwira zolakwika za aperekezi zomwe malamulo ankalephera. Koma sinathetse gwero la vuto, inangolisuntha. Chomwe makina otere amayeza ndi kufala kwa ndondomeko ya mawu, ndipo kufala si kulondola. Chiganizo chosowa chingakhale chosowa chifukwa ndi cholakwika, kapena chifukwa ndi chatsopano, chachikale, cha m'dera lina, kapena cha ntchito yapadera. Makina ali ngati galu wolondera pakhomo: amauwa mlendo, osati wakuba. Mbale wochokera kutali amamuuwa, pomwe woyandikana nyumba amene amasowetsa nkhuku amamugwedezera mchira.

Apa ndi pomwe Chingerezi cha m'mayiko osiyanasiyana chimavutikira. Ku Britain, dzina la gulu monga timu ya mpira kapena boma lingatenge mneni wa zambiri, pomwe ku America nthawi zambiri limatenga mneni wa chimodzi. Pulogalamu yoikidwa pa Chingerezi cha ku America itsutsa kalembedwe komwe mkonzi wa ku London sangakakhudze. Chingerezi cha ku India, ku Nigeria kapena kummwera kwa Africa chili ndi mawu ndi mayalidwe akeake okhazikika, omwe amapezeka pang'ono m'nkhani zophunzitsira makina. Makina amakankhira wolemba ku kalembedwe kofala, ndipo munthu wovomera chilichonse amatsala ndi nkhani yosalala koma yosamveka ngati yake. Zida zatsopanozi zili ndi chilema chinanso chomwe zakale zinalibe. Lamulo lakale linkatchula chifukwa chake, ndipo munthu ankatha kulitsutsa. Makina ophunzitsidwa amatha kupereka chiganizo chatsopano chomveka bwino chomwe chasintha tanthauzo pang'ono, monga kusandutsa "mwina" kukhala "ndithu", popanda chizindikiro choti pasintha kanthu.

Kuchuluka kwa machenjezo abodza kuli ndi chifukwa china cha masamu chomwe anthu ambiri sachiganizira. Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Lipoti lili ndi ziganizo 1,000, ndipo mwa izo 20 zokha ndizo zili ndi cholakwika cha galamala, chifukwa wolemba wake ndi wodziwa. Pulogalamu yabwino igwira zolakwika 14 mwa 20 zija. Pulogalamu yomweyo imalakwitsa pa ziganizo zolondola zitatu zokha mwa 100 zilizonse, zomwe zikumveka zochepa. Koma ziganizo zolondola zilipo 980, ndiye mizere yabodza ikhala pafupifupi 29. Wolemba aona mizere 43, ndipo iwiri mwa itatu iliyonse ndi yabodza. Pulogalamu yomweyo ikapatsidwa nkhani ya wophunzira yokhala ndi zolakwika 300 mwa ziganizo 1,000, igwira 210 n'kunamizira 21 zokha, ndipo ioneka yanzeru zedi. Chida sichinasinthe, chasintha ndi nkhani. Munthu akamalemba bwino, gawo la mizere yoyenera kuikhulupirira limachepa.

Opanga mapulogalamu amadziwa zimenezi, ndipo amasankha mbali. Amayeza zinthu ziwiri: mwa mizere yonse yomwe yatuluka, ingati ndi yoona, ndi mwa zolakwika zonse zomwe zinalipo, zingati zagwidwa. Kukweza chimodzi nthawi zambiri kumatsitsa chinzake. Pa mpikisano wa akatswiri wotchedwa CoNLL wa mu 2014, womwe unali wokonza galamala m'nkhani za ophunzira Chingerezi a ku Singapore, okonza anagwiritsa ntchito muyeso wa F0.5, umene umalemekeza kuona kwa mizere kuposa kuchuluka kwa zogwidwa. Maganizo ake ndi akuti kunamiza wophunzira ndi koipa kuposa kungokhala chete. Gulu la ku Yunivesite ya Cambridge ndilo linapambana, komabe mwa zokonza zake khumi zilizonse, pafupifupi zinayi zokha ndizo zinafanana ndi za anthu oweruza, ndipo linagwira pafupifupi zitatu mwa zolakwika khumi. Zida za lero zapita patsogolo kwambiri kuposa pamenepo, koma kusankha mbali kudakalipo. Tanthauzo lake kwa wolemba ndi lakuti tsamba lopanda mzere silinatsimikizidwe kuti ndi lolondola. Pulogalamu yangokhala chete pomwe inalibe chitsimikizo. Ndipo ngakhale anthu oweruza aja sankagwirizana pa chiganizo chilichonse, zomwe zikusonyeza kuti malire a cholakwika ndi cholondola si mzere woongoka.

Zolakwika zomwe makina amadumpha kwambiri ndi zomwe zimasiya chiganizo chili chathunthu. Chala chikaterereka n'kulemba *The bridge is now safe* m'malo mwa *not safe*, galamala ili bwinobwino, mawu onse ali mumndandanda, koma uthenga watembenuka. Mlowam'malo wolozera munthu wolakwika, chaka chosinthanitsidwa manambala, ndime yotsutsana ndi ya patsamba lapitalo, zonsezi zimafuna kudziwa zomwe wolemba akufuna kunena. Pulogalamu ili ndi mawu okha. Cholinga sichinalembedwe paliponse.

Mizere ina si ya galamala n'komwe, ndi ya zokonda. Chitsanzo chodziwika ndi chenjezo lotsutsa msintho wochitidwa wa mneni, womwe m'Chichewa umamveka mu "wamangidwa" kapena "zagulitsidwa". Mabuku ena a malangizo a kalembedwe ka Chingerezi akhala akuunyoza, ndipo opanga mapulogalamu analowetsa malangizowo m'makina. Komatu "mlatho unamangidwa mu 1965" ndi chiganizo choyenera pomwe nkhani ndi ya mlatho, osati ya omanga. Katswiri wa zilankhulo Geoffrey Pullum walemba zambiri zosonyeza kuti odzudzula msinthowu nthawi zambiri satha ngakhale kuuzindikira molondola. Makina nawonso amatero: lamulo longofufuza mneni wa "kukhala" wotsatiridwa ndi liwu lothera ndi *ed* limagwira *She was tired*, pomwe liwu lomalizalo likungofotokoza kuti munthu watopa. Machenjezo a chiganizo chachitali, a mawu ofooka, ndi a kuyamba chiganizo ndi mlumikizi ali m'gulu lomweli. Mu Word ndi m'zida zina, magulu amenewa angazimitsidwe paokha n'kusiya a galamala yeniyeni.

Kwa wolemba Chichewa, vuto loyamba ndi lapafupi. Word ndi LanguageTool zilibe galamala ya Chichewa, ndiye nkhani yolembedwa pakompyuta yoikidwa pa Chingerezi imafiira yonse. Mizereyo ilibe chonena pa Chichewa cha munthuyo, ndipo njira yake n'kusankha nkhani yonse n'kuchonga bokosi la `Do not check spelling or grammar`. Choopsa kwambiri ndi chida chosintha mawu chokha, chomwe chimakokera liwu la Chichewa ku liwu la Chingerezi lofanana nalo munthu asanazindikire.

Funso lozama ndi la zomwe chida cha Chichewa chingakumane nacho chitamangidwa. Poyamba zikuoneka zosavuta, chifukwa mgwirizano wa magulu a mayina uli ndi dongosolo looneka: mwana wabwera, ana abwera, chingwe chaduka, zingwe zaduka. Koma lamulo lakuti dzina la munthu mmodzi litenge mgwirizanitsi wa mmodzi litsutsa "gogo abwera" ndi "mayi anga akudwala", momwe kuchulukitsa ndi ulemu. Lamulo lakuti mneni agwirizane ndi wochita ntchito litsutsa "kumudzi kwabwera alendo" ndi "m'chitsime mwagwa mbuzi", momwe mneni akugwirizana ndi malo. Kamangidwe kameneka ka Chichewa n'kodziwika pakati pa akatswiri a zilankhulo padziko lonse chifukwa cha kafukufuku wa Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva wa mu 1989. Lamulo lakuti dzina loyamba ndilo mwininkhani lisochera pa "mpunga audya ana", chifukwa mneni akakhala ndi kachizindikiro ka pamtherankhani, Chichewa chimalola mawu kusinthana malo, monga momwe Sam Mchombo ndi Bresnan anasonyezera. Mayina obwereka nawo sakhala m'gulu limodzi: ena amati "galimoto yafika", ena "galimoto lafika", ndipo onse ndi eni chiyankhulo. Liwu loti "mtengo" limalembedwa chimodzimodzi kaya ndi wa m'nkhalango kaya ndi wa pamsika, popeza kalembedwe ka masiku onse sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chida chophunzitsidwa ndi nkhani zochepa, zambiri mwa izo za chipembedzo ndi za m'nyuzipepala, chingatenge kalankhulidwe ka dera limodzi ngati muyeso, n'kutsutsa ka ku Kasungu, ku Chipata kapena ku Tete.

Chenjezo labodza lingazindikirike popanda kukhala katswiri. Choyamba ndi kuwerenga chifukwa chomwe pulogalamu yapereka, osati kungoona mzere. Ikati mneni sakugwirizana ndi mwininkhani, wolemba afufuze yekha mwininkhani weniweni pochotsa mawu onse apakati mpaka patsale mafupa a chiganizo. Mafupawo akagwirizana, makina asochera pa mtunda. Chachiwiri ndi kuika mawu omwe pulogalamu yapereka m'chiganizo n'kuchiwerenga chonse mokweza, chifukwa kukonza kwabodza kumamveka bwino m'mawu atatu oyandikana koma kumathyola chiganizo chathunthu. Nthawi zina munthu akavomera kusinthako, mzere watsopano umatuluka wopempha kuti abwezere zakale, chizindikiro chakuti malamulo awiri akukangana okha. Mzere umene ukutha munthu akangosintha dzina la malo kapena la munthu n'kuikapo dzina lofala la Chingerezi unachokera ku liwu losadziwika, osati ku galamala.

Kudalirika kwa mizere kumasiyananso potengera mtundu wa cholakwika. Pa liwu lobwerezedwa, mpata woonjezera, chizindikiro chotsegula chomwe sichinatsekedwe, ndi kusankha pakati pa *a* ndi *an*, makina amakhoza nthawi zambiri, chifukwa umboni wonse uli pafupi. Pa mgwirizano wa m'ziganizo zazitali, nthawi za aneni ndi mipatuliro, amakhoza mwa apo ndi apo. Pa ndakatulo, zokambirana za m'nthano, mitu ya nkhani ndi mawu ogwidwa kuchokera kwa munthu wina, mizere yambiri ndi yosayenera kuitsata, ndipo mawu ogwidwa sasinthidwa ngakhale atakhala olakwikadi. Mzere wabodza umathandizabe pamalo amodzi: pomwe makina asochera chifukwa chiganizo chili ndi njira ziwiri zochiwerengera, wowerenga wothamanga angasocherenso pomwepo. Zikatero chiganizo sichinalakwe, koma wolemba angasankhe kuchiyala mwina kaamba ka wowerengayo, pogwiritsa ntchito mawu ake, osati omwe pulogalamu yapereka.